Kutsitsa Mtengo: Masamu Oyesera Ngati Ndalama Zolowa Ziwonjezeka

Ndalama zomwe bizinesi imatolera pa katundu wina aliyense zimachokera pa manambala awiri, mtengo wa chinthu chimodzi ndi kuchuluka kwa zinthu zomwe zagulidwa. Kuchulukitsa manambala awiriwa kumapereka ndalama zolowa. Mtengo ukatsitsidwa, nambala yoyamba imachepa nthawi yomweyo, pomwe yachiwiri imangoyembekezereka kuti ikwera. Wogulitsa amataya pang'ono pa kasitomala aliyense amene akanagula ndithu pa mtengo wakale, ndipo amapeza ndalama zatsopano kwa anthu okhawo amene akopeka ndi mtengo watsopano. Funso lonse lagona pa mbali yomwe ikule kuposa inzake.

Akatswiri a zachuma ali ndi muyeso wa zimenezi wotchedwa ilasitisiti, umene Alfred Marshall wa ku England anaufotokoza m'buku lake la zachuma la mu 1890. Muyesowu umauza wogulitsa kuti malonda amasuntha ndi maperesenti angati mtengo ukasuntha ndi peresenti imodzi. Umapezeka pogawa peresenti ya kusintha kwa katundu wogulidwa ndi peresenti ya kusintha kwa mtengo. Popeza mtengo ukatsika ogula amachuluka, yankho limatuluka ndi chizindikiro cha kuchotsera kutsogolo kwake, koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku chizindikirocho chimasiyidwa, n'kungoyang'ana kukula kwa nambalayo.

Malire ake ndi 1. Nambala ikaposa 1, ndiye kuti ogula achuluka mwamphamvu kuposa momwe mtengo watsikira, ndipo ndalama zolowa zimakwera. Ikachepera 1, ogula sanasunthe mokwanira ndipo ndalama zolowa zimatsika. Ikakhala 1 ndendende, zotayika ndi zopezeka zimalingana, wogulitsa amangowonjezera ntchito popanda kusintha kwa ndalama.

Chitsanzo cha pa chiwaya

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, koma aikidwa mofanana ndi momwe malonda otere amayendera. Mnyamata wina amakazinga chipisi pa chiwaya pafupi ndi depoti ya minibasi. Mbale imodzi amagulitsa K2,000, ndipo kope lake likuonetsa kuti pa avareji amagulitsa mbale 80 pa tsiku. Ndalama zolowa ndi K160,000. Atatsitsa mtengo kufika pa K1,800, mbale zakwera kufika pa 96 pa tsiku, ndipo ndalama zolowa ndi K172,800.

Njira yachidule, imene ambiri amayamba kuiphunzira, imayeza kusintha konse kuchokera pa manambala akale. Mbale zawonjezeka ndi 16 pa 80, zomwe ndi 20 peresenti. Mtengo watsika ndi K200 pa K2,000, zomwe ndi 10 peresenti. Kugawa 20 ndi 10 kukupereka 2.

Njirayi ili ndi chilema. Mnyamatayo akabwezera mtengo pa K2,000 ndipo mbale zikabwerera pa 80, masamu omwewo amapereka yankho lina. Tsopano mbale zatsika ndi 16 pa 96, zomwe ndi 16.7 peresenti, ndipo mtengo wakwera ndi K200 pa K1,800, zomwe ndi 11.1 peresenti. Yankho ndi 1.5. Makasitomala ndi omwewo, mitengo iwiri ndi yomweyo, koma nambala yasintha chifukwa cha mbali yomwe wowerengera wayambira.

Njira ya pakatikati

Pofuna kuthetsa vutoli, kusintha kulikonse kumagawidwa ndi nambala ya pakati pa yakale ndi yatsopano. P1 ndi P2 akakhala mtengo wakale ndi watsopano, Q1 ndi Q2 n'kukhala kuchuluka kwa katundu wogulidwa pa mitengo imeneyo, masamu amalembedwa motere:

```
E = [(Q2 - Q1) / ((Q1 + Q2) / 2)] / [(P2 - P1) / ((P1 + P2) / 2)]
```

Pa chiwaya paja, pakati pa mbale 80 ndi 96 pali 88, ndipo kugawa 16 ndi 88 kukupereka 18.2 peresenti. Pakati pa K2,000 ndi K1,800 pali K1,900, ndipo kugawa 200 ndi 1,900 kukupereka 10.5 peresenti. Kugawa 18.2 ndi 10.5 kukupereka 1.73. Nambala imeneyi siisintha kaya mtengo ukutsika kapena ukukwera pakati pa mitengo iwiriyi. Yaposa 1, ndipo kopelo likuvomereza, pakuti ndalama zolowa zakwera ndi K12,800 pa tsiku.

Wokhala ndi kompyuta kapena foni yotsegula Excel akhoza kuika mitengo iwiri mu A1 ndi A2, kuchuluka kwa katundu mu B1 ndi B2, kenako n'kulemba:

```
=ABS(((B2-B1)/AVERAGE(B1,B2))/((A2-A1)/AVERAGE(A1,A2)))
```

Ubwino waukulu wa njira ya pakatikati ndi woti siitsutsana ndi ndalama za m'thumba. Nthawi zonse yankho lake likaposa 1, ndalama zolowa zimakhala kuti zakweradi mtengo utatsika. Njira yachidule imatha kunamiza, makamaka mtengo ukatsika kwambiri. Mnyamata uja akatsitsa mtengo kuchoka pa K2,000 kufika pa K1,600, mbale n'kukwera kuchoka pa 80 kufika pa 98, njira yachidule imanena kuti mbale zakwera ndi 22.5 peresenti pomwe mtengo watsika ndi 20 peresenti yokha. Yankho lake ndi 1.13, ndipo munthu angaganize kuti zinthu zayenda bwino. Koma mbale 98 pa K1,600 ndi K156,800, ndalama zochepera K160,000 za poyamba. Njira ya pakatikati imagawa 18 ndi 89, kenako 400 ndi 1,800, n'kupeza 20.2 peresenti ndi 22.2 peresenti. Yankho ndi 0.91, nambala yochepera 1, ndipo imeneyi ndiyo ikunena zoona.

Manambala omwewa akuonetsa chinthu china chofunika. Kuchoka pa K2,000 kufika pa K1,800 kunabweretsa mbale 16 zowonjezera, koma kuchoka pa K1,800 kufika pa K1,600 kunangobweretsa mbale ziwiri. Pa gawo lachiwirili ilasitisiti ndi 0.18 yokha. Choncho katundu sakhala ndi nambala imodzi yokhazikika. Nambala yomwe yapezeka imagwira ntchito pakati pa mitengo yomwe yayesedwa komanso pafupi nayo basi. Anthu odutsa pa depoti masana ali ndi malire, ndipo munthu mmodzi sangadye mbale zitatu chifukwa choti zatchipa.

Katundu yemwe ogula sasunthika naye

Golosale ya m'mudzi ikugulitsa paketi ya mchere K500, ndipo pa sabata mapaketi 40 amatha. Mwini wake atatsitsa mtengo kufika pa K450, mapaketi akwera kufika pa 42. Kugawa 2 ndi 41 kukupereka 4.9 peresenti, ndipo kugawa 50 ndi 475 kukupereka 10.5 peresenti. Ilasitisiti ndi 0.46. Ndalama zolowa zatsika kuchoka pa K20,000 kufika pa K18,900.

Kusiyana kwa mchere ndi chipisi kuli ndi zifukwa zake. Chachikulu ndi kupezeka kwa china cholowa m'malo. Wofuna kudya masana pa depoti akhoza kugula chipisi pa chiwaya china, nsima ya pa chiimirire, chimanga chowotcha kapena mandasi, motero K200 ndi yokwanira kumukokera uku kapena uko. Mchere ulibe cholowa m'malo, ndipo banja silithira mchere wambiri m'ndiwo chifukwa choti mtengo watsika. Chifukwa chachiwiri ndi kukula kwa ndalamayo m'thumba la wogula. Paketi ya mchere imakhala masiku ambiri ndipo K50 yochotsedwayo siimveka, pomwe chakudya cha masana chimagulidwa tsiku ndi tsiku.

Malo nawonso amasintha nambala. Golosale yomwe ili yokha m'mudzi ikatsitsa mchere, ilibe mnzake woti imulande makasitomala. Mchere womwewo ukamagulitsidwa pa msika pomwe mabenchi khumi ayandikana, wotsitsa mtengo akhoza kukoka ogula a anzake ambiri, ngakhale kuti mchere wonse wogulidwa pa msikawo sunawonjezeke. N'chifukwa chake nambala yowerengedwa m'buku yokhudza katundu m'dziko lonse siingagwiritsidwe ntchito pa shopu imodzi. Bizinesi iliyonse iyenera kuyeza yake.

Kuwerengera mtengo usanatsike

Ilasitisiti imapezeka mtengo utasintha kale, koma pali masamu ena amene ayenera kuchitika chisankho chisanapangidwe. Wogulitsa agawe ndalama zomwe akutolera panopa ndi mtengo watsopano womwe akuuganizira. Yankho ndi chiwerengero cha katundu yemwe ayenera kugulitsa kuti ndalama zolowa zisatsike. Pa chiwaya paja, K160,000 kugawa ndi K1,800 kukupereka 88.9, kutanthauza mbale 89. Zikachepera pamenepo, kutsitsako kwaluzitsa.

Apa pali msampha womwe ambiri amagweramo. Kutsitsa mtengo ndi 10 peresenti sikulipidwa ndi kukwera kwa malonda ndi 10 peresenti, chifukwa katundu wowonjezerayo akugulitsidwa pa mtengo wotsika kale. Pamafunika 11.1 peresenti. Kutsitsa ndi 20 peresenti kumafuna malonda akwere ndi 25 peresenti, ndipo kudula mtengo pakati kumafuna malonda awirikize kawiri. Mtengo ukamatsika kwambiri, mpata pakati pa maperesenti awiriwa umakulirakulira.

Nambala ya mbale 89 imathandiza kufunsa mafunso enieni. Kodi anthu 9 owonjezerawo achokera kuti? Kodi chiwayacho chingakazinge mbale zonsezo m'maola awiri a masana pomwe anthu amachuluka? Kodi mpamba ulipo wopikulira thumba lina la kachewere? Ngati yankho la funso limodzi mwa amenewa ndi ayi, palibe chifukwa choyesera.

Kuyesa kodalirika

Masamu a ilasitisiti amaganizira kuti chomwe chasintha ndi mtengo wokha. Pa msika weniweni zinthu zambiri zimasintha pamodzi, ndipo apa ndi pomwe zolakwika zambiri zimalowera.

Choyamba ndi kuchuluka kwa masiku. Malonda amakwera ndi kutsika okha ngakhale mtengo usanakhudzidwe. Ngati kope likuonetsa kuti pa mtengo wakale mbale zinkayenda pakati pa 70 ndi 90, tsiku limodzi la mbale 88 pa mtengo watsopano silikutsimikizira kanthu. Pamafunika avareji ya masabata osachepera awiri pa mtengo wakale ndi ena awiri pa mtengo watsopano, masiku ake akhale ofanana, Lolemba kuyerekeza ndi Lolemba, tsiku la msika ndi tsiku la msika. Kusiyana kwa maavareji awiriwo kukakhala kochepa poyerekeza ndi kusinthasintha kwa tsiku ndi tsiku, mayesowo apitirire.

Chachiwiri ndi nyengo. Kumapeto kwa mwezi anthu apantchito amakhala atalandira malipiro ndipo amagula kwambiri pa mtengo uliwonse. Wotsitsa mtengo pa 25 n'kuyerekeza ndi malonda a pakati pa mwezi amapeza nambala yaikulu yomwe siinabwere chifukwa cha mtengo. Chimodzimodzinso, m'Malawi ndalama zimayenda kwambiri kumidzi anthu akakolola ndipo misika ya fodya ikatsegulidwa cha mu Epulo, koma zimasowa mu Januwale ndi Febuluwale pomwe nkhokwe zatha ndipo fizi ikufunika. Kutsekera kwa sukulu, mvula ya masiku angapo kapena kusowa kwa mafuta a galimoto komwe kumachepetsa minibasi pa depoti, zonsezi zimasuntha malonda. Njira imodzi yochepetsera vutoli ndi kusinthanitsa mitengo, masabata awiri mtengo wakale, awiri watsopano, kenako kubwereza moyambira pa mtengo watsopano, kuti mtengo uliwonse ugwere pakati pa mwezi komanso kumapeto kwake. Wokhala ndi malo awiri ogulitsira akhoza kutsitsa mtengo pa amodzi okha. Malonda akakwera mofanana pa malo onse awiri, ndiye kuti chakweza si mtengo.

Chachitatu ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu zonse. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zambiri m'Malawi inakwera. Pa nthawi yotere, wosasintha mtengo pomwe anzake onse akweza amakhala kuti watsitsa, ngakhale chikwangwani chake chili chimodzimodzi. Pa chifukwa chomwechi, manambala a chaka chatha sangayerekezedwe ndi a chaka chino. Mayeso achitike m'masabata oyandikana, ndipo mitengo ya ogulitsa oyandikana nawo izilembedwanso m'kope.

Chachinayi ndi muyeso wa katunduyo. Mbale ya pa mtengo watsopano ikhale yofanana ndi yakale. Wokazinga akayamba kuchepetsa chipisi m'mbale kuti abweze K200 ija, ndiye kuti mtengo sunatsike kwenikweni, ndipo makasitomala sachedwa kuzindikira. Mbasela nayonso ndi kutsitsa mtengo kobisika: wogulitsa tomato amene amaika mmodzi pamwamba pa mulu wa asanu watsitsa mtengo wa tomato aliyense ndi pafupifupi 17 peresenti. Ngati mbasela inkaperekedwa pa mtengo wakale koma yasiyidwa pa watsopano, manambala a mitengo omwe alowa m'masamu ndi olakwika. Katundu wotengedwa pa ngongole alembedwe payekha, chifukwa wotenga pa ngongole salabadira mtengo mofanana ndi wolipira pompo.

Chachisanu ndi kutha kwa katundu. Tsiku lomwe kachewere watha 2 koloko masana, nambala yolembedwa m'kope ikuonetsa zomwe zinalipo, osati zomwe anthu amafuna. Masiku otere achotsedwe powerengera avareji, apo ayi ilasitisiti ioneka yaing'ono kuposa momwe ilili.

Zomwe zimachitika pambuyo pa masabata oyamba

Nambala ya masabata oyamba nthawi zambiri siikhalitsa. Pa katundu wosungika monga sopo, shuga ndi mafuta ophikira, makasitomala akaona mtengo wotsika amagula zambiri n'kusunga kunyumba, kenako osabweranso kwa kanthawi. Chizindikiro chake n'choti malonda amakwera kwambiri sabata yoyamba, n'kutsika kupitirira pomwe anali kale mtengo ukabwezeretsedwa. Pamenepa sipanabwere ogula atsopano, malonda a mawa angogulitsidwa lero pa mtengo wotsika. Masabata otsatirawo ayenera kulowa nawo m'masamu.

Ogulitsa anzake nawonso sangokhala chete. Mbale 16 zowonjezera zija zambiri zachokera pa ziwaya zoyandikana. Eni ake akatsitsanso kufika pa K1,800, makasitomala amabwerera komwe anazolowera. Mnyamata uja akhoza kutsala ndi mbale 83 zokha, zomwe pa K1,800 ndi K149,400. Ilasitisiti yagwa kuchoka pa 1.73 kufika pa 0.35, ndipo kukweza mtengo yekha pomwe anzake ali pa K1,800 kungamuthawitsire anthu. Choncho pa malo pomwe ogulitsa amaonerana mitengo, nambala yodalirika ndi ya pambuyo poti anzake ayankha.

Ndalama zolowa si phindu

Ilasitisiti yoposa 1 imangotsimikizira kuti ndalama zolowa zakwera. Siinena kanthu za zomwe zimatsala ndalama zogulira zipangizo zikachotsedwa. Mbale iliyonse ya chipisi imadya kachewere wa K700, mafuta ophikira a K350, nkhuni za K100, komanso kabichi, tomato, mchere ndi pepala zokwana K150. Zonse pamodzi ndi K1,300. Pa mtengo wa K2,000, mbale imodzi imasiya K700, ndipo mbale 80 zimasiya K56,000. Pa mtengo wa K1,800, mbale imodzi imasiya K500, ndipo mbale 96 zimasiya K48,000. Ndalama zolowa zakwera ndi K12,800, koma mbale 16 zowonjezerazo zadya zipangizo za K20,800, motero phindu latsika ndi K8,000 pa tsiku.

Chachitika n'choti K200 ija, yomwe ndi 10 peresenti ya mtengo, ndi pafupifupi 29 peresenti ya phindu la pa mbale. Kuti phindu lisatsike, K56,000 igawidwe ndi K500, ndipo yankho ndi mbale 112. Malonda ayenera kukwera ndi 40 peresenti, zomwe pa njira ya pakatikati zikufuna ilasitisiti ya pafupifupi 3.2. Nambala ya 1.73 yadutsa malire a ndalama zolowa koma ili kutali ndi malire a phindu. Ndalama zomwe sizisintha ndi kuchuluka kwa malonda, monga lendi ya malo ndi chiphaso cha msika, sizilowa m'masamu amenewa chifukwa zimalipidwa chimodzimodzi pa mitengo yonse iwiri.

Kukula kwa phindu la pa chinthu chimodzi ndiko kumanena kutalikirana kwa malire awiriwa. Wometa tsitsi amene amalipiritsa K1,500 koma magetsi, lezala ndi sipiriti zimangomudyera K200 pa mutu umodzi, akatsitsa ndi K150 amatsala ndi K1,150 m'malo mwa K1,300. Amafunika makasitomala awonjezeke ndi 13 peresenti yokha kuti phindu lisasinthe, nambala yoyandikana ndi 11.1 peresenti ya ndalama zolowa. Wogulitsa shuga wopikula amene amapeza 10 peresenti ya mtengo pa paketi, akatsitsa ndi 10 peresenti amatsala opanda kanthu, ndipo ngakhale atagulitsa mapaketi ochuluka bwanji phindu silingabwerere.

Pali nthawi zina pomwe kuyang'ana ndalama zolowa zokha n'kokwanira. Katundu akakhala kuti wagulidwa kale ndipo awonongeka akapanda kugulidwa, monga tomato wakupsa, nsomba zaziwisi madzulo kapena chipisi chokazinga kale nthawi yoweruka, ndalama zopikulira zinapita ndipo sizisinthanso. Pamenepo mtengo womwe ubweretse ndalama zambiri ndi womwenso ubweretse phindu lalikulu, ndipo malire a 1 ndi oyenera kuwatsatira. Koma pa katundu yemwe ayenera kupikulidwanso mawa, chisankho chidalire malire a phindu. Pa chiwaya paja, mtengo wa K1,800 ungakhale woyenera pokhapokha avareji ya masabata angapo, ogulitsa oyandikana atayankha kale, itaposa mbale 112 pa tsiku.